Dzina Lanu Likugulitsidwa ku America: Kulichotsa Kwake ndi Chifukwa Chomwe Limabwereranso

Munthu amene wakhala ku America zaka zingapo, n'kuchita lendi nyumba, kulembetsa foni kapena kugula galimoto pangongole, kawirikawiri amakhala ndi tsamba pa intaneti lomwe sanalipemphe. Pa tsambalo pamalembedwa dzina lake lonse, zaka zake, adiresi ya komwe akukhala, maadiresi akale, nambala za foni, ngakhalenso mayina a anthu omwe akuganiziridwa kuti ndi abale ake. Masamba otere ali ndi makampani monga Spokeo, Whitepages, BeenVerified, Intelius ndi Radaris. Ena amafuna kandalama kuti akuonetseni zonse, pomwe TruePeopleSearch imangoyala poyera, kwaulere.

Abale athu omwe ali kumeneko nkhaniyi imawakhudza mwapadera. Wa dzina lofala ku America amabisala pakati pa anzake zikwizikwi a dzina lomwelo. Koma mfunda wa kwathu, mumzinda ngati South Bend ku Indiana komwe kuli Amalawi ambiri, ukauphatikiza ndi dzina loyamba umaloza khomo limodzi basi. Mwamuna amene munasiyana naye mwamkangano, kapena wakuba wofuna kunamiza achibale kumudzi kuti mwagwa m'mavuto, safunika luso lililonse. Amangolemba dzina.

Makampaniwa sabera aliyense kuti apeze zimenezi, ndipo apa ndi pomwe pagona vuto. Ku America zolembedwa zambiri za boma n'zotseguka: kaundula wa eni nyumba ndi malo, milandu ya kukhoti, ndipo m'maboma ambiri ngakhale kaundula wa ovota. Zina amagula kwa makampani anzawo amalonda omwe amasonkhanitsa zomwe anthu amalemba pogula katundu, polembetsa magazini kapena polowa mipikisano. Kompyuta imalumikiza zidutswazi n'kupanga tsamba la munthu mmodzi. Mukapempha kuti akuchotseni, chomwe amachita n'kubisa tsambalo. Komwe anatenga zinthuzo sikukhudzidwa n'komwe.

Tiyerekeze mayi wina, namwino, amene anayamba kukhala ku Indiana, n'kukwatiwa, kusintha mfunda, kenako banja litatha n'kusamukira ku Texas. Akufuna kuti adiresi yake yatsopano isaoneke. Asanapemphe chilichonse, atsegule imelo yatsopano ya ntchito imeneyi yokha. Pafupifupi kampani iliyonse imafuna imelo kuti itsimikize pempho, ndipo kuipatsa imelo yanu yeniyeni ndiko kuiwonjezera chinthu chomwe mwina inalibe. Kenako adzifufuze yekha: mfunda wakwawo ndi Indiana, mfunda wa kubanja ndi Indiana, mifunda yonse iwiri ndi Texas, ndiponso nambala yake ya foni payokha. Tsamba lililonse lomwe wapeza akopere linki yake n'kuisunga, pamodzi ndi tsiku.

Ku Spokeo apite pa `spokeo.com/optout`. Pamenepo amata linki ya tsamba lake, kulemba imelo ija, kudutsa kamayeso kosonyeza kuti ndi munthu, n'kutumiza. Ambiri amalekera pomwepa poganiza kuti zatha. Sizinathe. Kampaniyo imatumiza uthenga ku imelo, ndipo pempho limayamba kugwira ntchito pokhapokha mukadina linki ya mu uthengawo, womwe nthawi zambiri umakagwera m'bokosi la mauthenga achabechabe. Akadina, tsamba limazimiririka pakapita masiku ochepa. Koma mayiyu mwina apeza masamba awiri kapena atatu, lina la mfunda wakale, lina la watsopano, lina lomwe dzina lake analilemba molakwika chifukwa kalaliki wina sanamve bwino mfunda wachichewa. Kwa Spokeo amenewa ndi anthu osiyana, ndipo tsamba lililonse limafuna pempho lakelake.

Whitepages ili ndi kachitidwe kena. Pa `whitepages.com/suppression-requests` amamata linki, kusankha chifukwa, kenako kupereka nambala ya foni. Makina amamuimbira, ndipo iye amatsimikiza ndi nambala yomwe yaoneka pa kompyuta. Apa munthu amayamba wadodoma, ndipo n'zomveka: ukupereka foni kwa kampani yogulitsa nambala za foni. Nzeru yake n'kugwiritsa ntchito nambala yomwe ili kale pa tsambalo, osati yatsopano yomwe sakuidziwa. Lamulo lomweli ligwire paliponse. Tsamba likafuna chithunzi cha chiphaso, aphimbe nkhope, nambala ya chiphaso ndi china chilichonse chomwe sichikufunika potsimikiza dzina. Nambala ya Social Security asaipereke kwa aliyense wa amenewa, zivute zitani.

Pali pena pomwe ntchito imachepa. Intelius, TruthFinder, Instant Checkmate ndi US Search onse ndi a kampani imodzi, PeopleConnect, ndipo pempho limodzi pa `suppression.peopleconnect.us` limafikira onsewo. TruePeopleSearch ili ndi `truepeoplesearch.com/removal`, ndipo ine ndingati mayiyu ayambire pomwepo, poti tsamba laulere ndi lomwe munthu wa mtima woipa amayamba kutsegula. Kwa masamba ena, khomo lochotsera limakhala pansi penipeni, m'timalemba tating'ono tomwe timati `Do Not Sell My Personal Information` kapena `Opt Out`. Chenjerani ndi batani lalikulu lowala lomwe likukuitanani kuti muone lipoti lanu lonse. Limenelo ndi la malonda. Pempho lochotsa pa masamba amenewa ndi laulere, ndiye mukafika pomwe akufuna khadi la kubanki, dziwani kuti mwasochera.

Pakatha sabata, mayiyu atsegule malinki aja limodzilimodzi. Ngati linki ikunena kuti tsamba kulibe, koma dzina likuonekabe akafufuza pa Google, sikuti pempho lakanika. Google imangokhala ikuonetsa zomwe inaona kale, ndipo ili ndi chida chotchedwa `Refresh Outdated Content` chouzira kuti tsambalo linachoka. Ilinso ndi `Results about you`, chomwe chinayamba mu 2022, chopemphera kuti zotsatira zokhala ndi adiresi, foni kapena imelo yanu zisamaoneke. Chimenechi chimangochotsa pa Google pokha, tsamba lenilenilo limatsala komwe lili.

Chinthu china chomwe chimapweteka n'chakuti mayiyu atha kuchoka pa tsamba lake koma n'kumaonekabe pa tsamba la mng'ono wake yemwe akukhala naye, pa mndandanda wa achibale. Wofufuza amangodina dzina la mng'onoyo, adiresi n'kutuluka. Ndiye ngati cholinga n'kubisa khomo, akulu onse a pakhomopo achite limodzi.

Tsopano, miyezi ingapo ikadutsa, tsamba lija litha kutulukanso. Kuchotsa kumeneku kuli ngati kutchetcha udzu m'dzinja, mizu ili pansi pomwepo. Mayiyu akagula nyumba ku Texas, kapena akalembetsa foni ina, kampani imalandira zolembedwa zatsopano. Zikapanda kufanana ndendende ndi zomwe zinabisidwa, kompyuta imaziona ngati munthu watsopano n'kumupangira tsamba. Palibe amene angamuuze. N'chifukwa chake mndandanda wa malinki uja ndi wofunika kuusunga, n'kumabwereza kufufuza miyezi itatu kapena inayi iliyonse, makamaka akangosamuka.

Poona chintchito chotere, ambiri amalipira makampani ena kuti aziwachotsera. Bungwe la Consumer Reports linayesa makampani asanu ndi awiri otere, n'kutulutsa zotsatira mu 2024. Pa zolembedwa zomwe zinapezeka za anthu omwe anadzipereka, makampaniwo onse pamodzi anachotsa 35 pa 100 zilizonse m'miyezi inayi, pomwe kupempha pamanja kunachotsa 70 pa 100. EasyOptOuts ndi Optery ndi omwe anayandikira pamenepo. Chaka chomwecho mtolankhani Brian Krebs anaulula kuti mwini wa Onerep, kampani yochotsa mayina, ndi yemwenso anayambitsa masamba ambiri ofufuzira anthu, kuphatikizapo Nuwber. Sindikunena kuti kulipira n'kutaya ndalama nthawi zonse. Munthu wogwira ntchito usana ndi usiku atha kulipira kuti apeze mpata. Koma masamba akuluakulu aja awaone yekha ndi maso ake, asangodalira lipoti lomwe kampani yamutumizira.

Nanga kampani ikakana kapena kungokhala chete? Apa zimatengera boma lomwe munthu akukhala, chifukwa America ilibe lamulo limodzi la dziko lonse lokakamiza makampaniwa kuchotsa dzina la munthu wamba. Bungwe la boma la FTC limawalanga pa zina: Spokeo inalipira madola 800,000 mu 2012, ndipo TruthFinder ndi Instant Checkmate analipira madola 5.8 miliyoni mu 2023, pa milandu yokhudza lamulo la malipoti omwe amagwiritsidwa ntchito polemba anthu ntchito kapena kuwapatsa nyumba. Koma ufulu wouza kampani kuti ifufute zanu uli m'malamulo a maboma. Ku California lamulo la CCPA linayamba mu 2020, ndipo limapatsa kampani masiku 45 kuti iyankhe, ngakhale zomwe zatengedwa m'kaundula wa boma lamulolo silizikhudza. Mu 2023 boma lomwelo linakhazikitsa lamulo lina lomwe linabala DROP, malo amodzi pomwe wokhala ku California amapempha kamodzi, pempholo n'kufikira makampani onse olembetsedwa. Lamulolo linaika chaka cha 2026 kukhala choyambira, ndipo makampani ayenera kumaona mapempho masiku 45 aliwonse. Texas, komwe kuli mayi wathu uja, ili ndi lamulo lakenso loteteza zinsinsi za ogula kuyambira 2024, ndipo kulitchula m'kalata yopita ku kampani kumathandiza kuti asakunyalanyazeni.

Kwa amene akuthawa nkhanza, kuchotsa masamba pakokha n'kochepa. Maboma ambiri a ku America ali ndi ndondomeko yopatsa munthu wotere adiresi ina yoti azilemba m'mapepala a boma, makalata n'kumamufikira kudzera pamenepo. Boma la Washington ndi lomwe linayamba mu 1991, ndipo ku California imatchedwa Safe at Home. Imeneyi imatseka gwero lenileni, koma imagwira bwino munthu akalowamo asanalembetse adiresi yatsopano pena paliponse.

Omwe ali ku Britain zinthu n'zopepukirako. Masamba ngati `192.com` amatenga zambiri mu kaundula wa ovota wotseguka, womwe aliyense angagule. Kuchokamo n'kungouza ofesi ya zisankho ya khonsolo yanu, ndipo ufulu wanu wovota sukhudzidwa. Zomwe zinatengedwa m'kaundula wa zaka zakale muzipemphe padera ku tsambalo, ndipo malamulo a kumeneko amapatsa kampani mwezi umodzi kuti ikuyankheni.