Kupeta mawu m'kalata yopempha thandizo la ndalama

Kwathu kuno munthu sapempha chinthu atangoima pakhomo. Amayamba waodira, nakhala pansi, napereka moni, kenako n'kufika pa chimene wabwerera. Mwambowu ndi wabwino, koma ukalowa wonse m'kalata yopempha ndalama za chitukuko umatha kukwirira pempholo. Wowerenga kubungwe amakhala ndi mulu wa makalata patebulo, ndipo mafomu ambiri amaika malire a mawu pa funso lililonse. Ndime ikatalika popanda chifukwa, mfundo yeniyeni imasowa.

Tiyerekeze kuti komiti ya madzi ya m'mudzi wina yalemba chonchi:

"Ife a komiti ya madzi ya m'mudzi muno, mwaulemu waukulu ndi modzichepetsa kwambiri, tafuna kuti tikudziwitseni inu mabwana athu olemekezeka kuti monga mukudziwa kale, madzi ndi moyo, ndipo popanda madzi munthu sangakhale ndi moyo. Kuno kwathu kuli vuto lalikulu kwambiri la madzi, lomwe lakhala likuvutitsa anthu kwa nthawi yaitali, makamaka amayi ndi atsikana, omwe amavutika kwambiri. Mjigo wathu unawonongeka chaka chatha, ndipo mabanja 120 akumwa madzi a mumtsinje womwe uli pa mtunda wa makilomita 3. Choncho tikupempha, ngati n'kotheka, kuti mwina mungatiganizireko ndi kangachepe."

Ndimeyi ili ndi mawu oposa 80. Musanafufute kalikonse, tengani cholembera mudule mzere kunsi kwa zimene wowerenga sangazidziwe mutapanda kumuuza. Apa zilipo zinayi: mjigo unawonongeka chaka chatha, mabanja okhudzidwa ndi 120, mtsinje uli pa makilomita 3, ndipo otunga madziwo ndi amayi ndi atsikana. Imeneyi ndiyo mphale. Zotsalazo ndi gaga, ndipo ndi za mitundu itatu.

Mtundu woyamba ndi zimene wowerenga akudziwa kale. Bungwe lothandiza pa za madzi silifunika kuuzidwa kuti madzi ndi moyo, ndipo mukaona kuti mwalemba "monga mukudziwa kale", dziwani kuti chiganizo chonsecho chingachoke. Wachiwiri ndi kubwereza. Ndimeyi yatchula vuto, kuvutitsa ndi kuvutika, yaikanso "kwambiri" katatu, koma kukula kwa vutolo kwaoneka pa nambala ziwiri zokha zija. Wachitatu ndi mawu amantha: "ngati n'kotheka", "mwina", "kangachepe". Amamveka ngati kudzichepetsa, koma amasiya wowerenga osadziwa chimene mukufuna.

Tikapeta, ndimeyo ikhala motere:

"Mjigo wa m'mudzi mwathu unawonongeka chaka chatha. Kuyambira pamenepo mabanja 120 akumwa madzi a mumtsinje, ndipo amayi ndi atsikana amayenda makilomita 3 kukatunga. Ife a komiti ya madzi tikukupemphani mwaulemu kuti mutithandize ndi ndalama zogulira zipangizo zokonzera mjigowu, monga talembera pa bajeti."

Mawu atsala theka, koma palibe mfundo yatayika. Chawonjezeka n'chakuti tsopano pempho lamveka, popeza tanena ntchito ya ndalamazo. Amayi ndi atsikana aja sakungotchulidwa kuti amavutika, akuoneka ali paulendo wa kumtsinje.

Nanga ulemu wapita kuti? Ulipo ndithu. Chichewa chimanyamula ulemu m'kati mwa mawu enieniwo: "tikukupemphani", "mutithandize". Liwu loti "mwaulemu" laikidwa kamodzi, pamalo pomwe pali pempho, ndipo pamenepo likulemera kuposa likanamwazidwa ponseponse. Moni akhale koyambirira kwa kalata, kuthokoza kukhale kumapeto, osati m'ndime iliyonse. Ngati mukulemba m'Chingerezi, njira yake ndi yomweyi.

Koma kupeta kuli ndi malire, pakuti wopeta mwaphuma amataya mphale pamodzi ndi gaga. Mukalemba kuti "Mjigo unawonongeka. Tikufuna ndalama," mwafupikitsa, koma mwasandutsa pempho kukhala lamulo. Samalaninso ndi timawu tosunga choonadi. Ngati mabanja simunawawerenge limodzilimodzi, "pafupifupi" asachoke, chifukwa abungwe akadzabwera kudzaona okha n'kupeza nambala ina, adzakayikira zonse zimene munalemba. Chimodzimodzi "chifukwa" ndi "kuyambira pamenepo": ndi mawu amene amalumikiza vuto ndi gwero lake.

Mukamaliza, werengani ndimeyo mokweza. Pomwe mpweya ukuthera chiganizo chisanathe, dulani pawiri. Kenako mupatse mnzanu amene sanali pamsonkhano wa komiti awerenge kamodzi, mum'funse kuti akupempha ndani, vuto n'chiyani, lakhudza anthu angati, ndipo ndalamazo zikagwira ntchito yanji. Akayankha zonse osayang'ananso papepala, ndimeyo yapsa. Akakakamira pa funso limodzi, bwererani ku ndime yakale ija mukatole chimene munataya, musanatumize kalatayo.