"Moni amalume", kenako zii

Mlendo akafika pakhomo nkunena kuti "Odi", sayamba pomwepo kufotokoza chomwe wadzera. Mumamuyankha, kumupatsa mpando, kumulonjera, kumufunsa za komwe wachokera. Zikatha izi mpamene mwininyumba amaponya kafunso kaja: "Kaya nkwabwino?" Ntchito yotsegula nkhani ndi ya wolandira mlendo. Pa foni mwambowu sunafe, kungoti ambiri taiwala mbali yathu.

Taganizani za mnyamata wa ku Dedza amene walembera amalume ake ku Joni pa WhatsApp kuti "Moni amalume", osawonjezera kanthu. Mayi ake agonekedwa m'chipatala. Nkhani ya matenda, ya maliro kapena yopempha ndalama siyiponyedwa ngati mwala kwa munthu wamkulu, choncho mnyamatayo wagogoda kaye. Akufuna adziwe ngati foni ili m'manja mwa amalumewo, ngati ali ndi mpata, ndiponso ngati mtima wawo uli pamalo.

Amalume akawerenga nkukhala chete, timizere tiwiri tija timasanduka tabuluu, ndipo mnyamatayo amadziwa kuti amuona koma sanamulandire. Akayankha kuti "Moni" basi, amubwezera katundu yense, ndipo mwana wamanyazi amangofunsa za nyengo ya ku Joniko nkutsanzika. Yankho lopweteka koposa ndi lakuti "Ukufuna chiyani?" Funsoli likufunadi nkhani, koma lamuweruza kale kuti ndi wopempha. Ndikudziwa kuti abale athu akunja amatopa ndi mapempho, ndipo sindikuwada. Komabe pa nthawiyi sanadziwe ngati mwanayu wabwera ndi pempho kapena uthenga wa mlongo wawo.

Yankho lomwe ndimalikonda ndi lalifupi: "Moni mphwanga, wasowatu. Amayi ali bwanji? Nkwabwino kodi?" Mawu akuti "mphwanga" amutsimikizira kuti ubale ulipo. Kufunsa za amayi kwamupatsa poyambira posavuta. "Nkwabwino kodi?" ndi khomo lomwe angalowere ngati pali vuto, koma ngati wangowasowa amalume ake angathe kunena kuti "Nkwabwino ndithu, ndimangokulonjerani" popanda kuchita manyazi. Mafunso asachuluke. Awiri akwana, asanu amamveka ngati kupolisi.

Kukoma mtimaku sikukutanthauza kusiya ntchito. Ngati muli otanganidwa, nenani: "Ndili pantchito, lemba zonse, ndiwerenga ndikaweruka." Mwatero mwapulumutsanso bandulo yake, yomwe ikanatha akudikirira moni wobwezana kanayi.

Nambala yachilendo ndi nkhani ina, chifukwa akathyali ofuna ndalama za pafoni nawonso amayamba ndi moni. Apo ulemu ukhalepo, koma funso lisinthe: "Moni, pepani nambalayi ndilibe. Ndikulankhula ndi ndani?" Munthu weniweni amatchula dzina lake ndi komwe munadziwanirana. Amene akuyankha kuti "Aa, mwandiiwala kale?", kudikira kuti inu mutchule dzina loti alitenge, musiyeni pomwepo.