Chithunzi cha mankhwala chafika pa foni, funso palibe

Anamwino ndi ogwira ntchito m'mafamase amazidziwa izi. Mbale amatumiza pa WhatsApp chithunzi cha paketi ya Panado, osalembapo liwu ngakhale limodzi. Ambiri akalandira chithunzi chotere amathamangira kuyankha kuti, “Imwani awiri katatu pa tsiku.” Yankholi likhoza kupweteketsa munthu, chifukwa chithunzi chimangoonetsa dzina la mankhwala. Sichinena amene akudwala, ndiponso sichinena ngati mapiritsiwo akadali m'paketi kapena alowa kale m'mimba.

N'chifukwa chake wodziwa ntchito amaimba foni, ndipo funso lake loyamba limakhala lakuti, “Mlamu, alipo amene wamwa kale mankhwalawa?” Akamva kuti inde, amafunsa zitatu: wamwa ndani, mapiritsi angati, nthawi yanji.

Tiyerekeze kuti wamwa ndi mwana wa zaka zitatu, wolemera makilogalamu 14, ndipo pa paketi pakusowa mapiritsi asanu. Piritsi lililonse la akuluakulu lili ndi mamiligalamu 500 a parasitamolo, choncho asanuwo ndi okwanira kuwononga chiwindi cha mwana wa msinkhu umenewu. Choopsa n'chakuti tsiku loyamba mwanayo akhoza kumasewera bwinobwino, kapena kungosanza pang'ono. Maso achikasu ndi kupweteka kwa m'mimba chakumanja zimabwera patapita masiku awiri kapena atatu, chiwindi chitavulala kale. Mankhwala oletsa poizoniyu amathandiza kwambiri akaperekedwa maola 8 asanathe. Apa palibenso zocheza: mwana apite kuchipatala nthawi yomweyo, paketi ili m'manja, ndipo asamusanzitse kapena kutaya nthawi n'kumumwetsa mkaka.

Ngati wotumizayo ndi wamkulu amene wakhala akudandaula za moyo wake, kusalemba mawuko kukhoza kukhala kupempha thandizo. Mufunseni mwachindunji koma mofatsa ngati wamwa ambiri kapena akuganiza zodzivulaza, ndipo pezani munthu woti akhale naye pafupi.

Mafunso ena amabwera zikadziwika kuti palibe wamwa. Akufuna kumwa ndani, ndipo ali ndi zaka zingati? Akumwanso mankhwala ati? Funso lomalizali si lamwambo chabe. Mankhwala ambiri a chimfine ali kale ndi parasitamolo, ndipo munthu akawaphatikiza ndi Panado amadutsa osadziwa malire a munthu wamkulu, omwe ndi mapiritsi 8 pa maola 24. Matenda a chiwindi komanso kumwa mowa kwambiri zimatsitsa malirewa.

Pomaliza pemphani chithunzi china choonetsa mphamvu ya mankhwala ndi tsiku lothera ntchito. Mapiritsi akakhala m'kapepala kopanda dzina, musawatchule dzina poona mtundu wake, pakuti oyera ozungulira alipo ambirimbiri. Amenewo apite nawo kufamase kapena kuchipatala komwe anachokera, ndipo asamwedwe mpaka atadziwika.