Chimbudzi Chakuda Ngati Phula: Zimene Bulufeni Amachita M'mimba

Tiyerekeze agogo a zaka 68 amene mawondo amawavuta. Kuchipatala anawapatsa dayikilofenaki, koma ululu ukakula amatuma mdzukulu pa okala kukagula bulufeni. Amamwanso asipirini tsiku lililonse chifukwa cha mtima. Iwo akuona ngati ndi mankhwala atatu osiyana, pomwe onsewo ndi a banja limodzi, pamodzi ndi indosidi, ndipo kuwaphatikiza kumawonjezera kwambiri ngozi yotaya magazi m'mimba.

Chifu cha munthu chili ndi asidi wamphamvu wogaya chakudya. Kuti asidiyo asadye chifu chenichenicho, thupi limapanga timadzi tonanda tomwe timakuta mkati mwake. Mankhwala aja amaletsa ululu potseka njira imene thupi limapangira zinthu zotchedwa pulositagilandini, koma zinthu zomwezo ndizo zimasunga timadzi toteteza tija. Tikachepa, asidi amakumba chilonda, ndipo chikafika pa mtsempha magazi amayamba kutuluka. Asipirini amachedwetsanso kuundana kwa magaziwo. Jakisoni wa dayikilofenaki sapulumutsa munthu ku vutoli, pakuti mankhwalawo amafika kuchifu kudzera m'magazi. Kumwa mutadya kumachepetsa kutentha kwa m'mimba, koma sikutchinga chilonda.

Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti ambiri samva kupweteka kulikonse magazi asanayambe kutuluka. Ena amamva kutentha pachifuwa, nseru kapena kuwawa pamwamba pa mchombo, koma agogo athu aja akhoza kungoyamba kufooka, kuchita chizungulire akadzuka, kupuma mwawefuwefu pokwera kamtunda, mtima n'kumathamanga. Yang'anani zikhatho zawo ndi mkati mwa zikope: pakatuwa, magazi achepa.

Chizindikiro chachikulu chili kuchimbudzi, kumene ambirife sitiyang'ana, makamaka m'chimbudzi chokumba. Magazi ochokera m'chifu amagayidwa podutsa m'matumbo, motero satuluka ofiira. Chimbudzi chimakhala chakuda bii, chomata ngati phula, chonunkha moipa mosiyana ndi masiku onse. Mapiritsi owonjezera magazi, monga amene amayi oyembekezera amalandira kusikelo, amadetsanso chimbudzi, koma sichimata chotere. Masanzi a magazi, kapena okhala ndi timibulu takuda tofanana ndi khofi wopera, ndi chizindikiro china choopsa.

Ngoziyi ndi yaikulu kwa opitirira zaka 65, amene anadwalapo zilonda za m'mimba, omwa mowa, ndiponso omwa puredinisoloni kapena wafarini. Oterewa afunse kaye dokotala, amene angawapatse panado m'malo mwake, kapena kuwonjezera omepurazo woteteza chifu. Kwa wamkulu wodzigulira yekha, bulufeni asapitirire mamiligalamu 1,200 pa tsiku, ndipo kwa masiku ochepa okha.

Mukaona chimbudzi chakuda kapena masanzi a magazi, siyani mapiritsi oletsa ululuwo nthawi yomweyo, pitani kuchipatala tsiku lomwelo ngakhale usiku, ndipo tengani mapaketi a mankhwala onse amene wodwalayo amamwa kuti adokotala akawaone.