Kuperekeza mlendo kwa Chimaliro

Lamulungu masana ndi pamene anthu a kwa Chimaliro amayenderana, chifukwa mkati mwa sabata ambiri amakhala ali kothyola tiyi kapena kudimba, makamaka kuyambira Disembala mpaka Epulo pamene tiyi amaphukira kwambiri. Kucheza kwake kumakhala kwa pakhonde, koma ubale umaonekera panjira, pobwerera.

Mlendo sadzambatuka n'kumapita. Amayamba wayang'ana kumwamba, n'kunena kuti, "Dzuwa lapendeka, nditsanzike." Mwini khomo sayenera kuvomera msanga. Amati, "Mwafulumira bwanji? Dikirani madzi ali pamotowa." Mlendo akabwereza kachiwiri m'pamene amamumasula. Akamva "chabwino, pitani" pa kutsanzika koyamba, amadziwa kuti anakhalitsa kapena pali chakukhosi.

Kenako mayi amalowa m'nyumba n'kutuluka ndi kaphukusi: nandolo, chinangwa, kapena tomato wa ku Goliati. Mlendo sakasenza yekha. Amanyamula ndi woperekeza, ndipo amakapereka ndi manja awiri pamalo osiyanirana. Ngati nandoloyo ali m'mbale, mbale imapita nawo, ndipo sibwerera yopanda kanthu. Ulendo wachiwiri wapalidwa kale pamenepo. Paja akulu anati kachipande ka therere kamakoma n'kuyenderana.

Mtunda wa kuperekeza ndiwo umanena zoona. Kulekeza pakhonde ndi kwa nkhalamba kapena wodwala. Munthu wamphamvu zake akatero, mlendo amapita mtima uli m'mwamba. Mnansi amafikitsidwa kumsewu, pamene apongozi kapena wochokera kutali amafikitsidwa pokwerera kabaza. Nkhani zolemera, za ngongole kapena za banja losokonekera, zimene sizikanatheka pamaso pa ana, zimatuluka pamenepa anthu akuyenda chogundizana mapewa.

Kwa mnyamata wofunsira mbeta mwambowu ndi wosamalitsa. Kuno ukwati wambiri ndi wachikamwini, choncho mudzi umene akuchokamo ndi umene angadzakhalemo, ndipo sangachoke osatsanzika amayi a mtsikanayo atanjuta. Mtsikana amamutulutsa pang'ono, mng'ono wake akutsatira pambuyo. Akaima pamphambano n'kunena kuti, "Ndibwerere pano, achimwene. Zija ndikaganize kaye, mudzamve Lamulungu likubwerali," mnyamata amadziwa kuti khomo silinatsekedwe, popeza tsiku latchulidwa. Koma akangomva "tionana" wopanda tsiku, mtsikana atatuma mwana kuti aperekeze m'malo mwake, wakanidwa mwaulemu, ndipo wanzeru saumiriza.

Chimene chimandidandaulitsa ndi kabaza woitanidwa pa foni. Njinga yamoto imafika pakhonde penipeni, mlendo n'kukwera moni wa kunyumba asanatumidwe. Mabanja ena ndaona akumuuza wakabazayo kuti akadikire kumsewu. Akafika kumeneko, woperekeza amatula phukusi, n'kunena kuti, "Mukapereke moni kwa onse, mukatiimbire mukafika," ndipo amaimabe mpaka njingayo itakhota.