Amene Sadafike Kumsonkhano Mumamuuza Chiyani?

Msonkhano ukatha, mlembi amakhala ndi ntchito ziwiri, koma magulu ambiri amangodziwa imodzi. Yoyamba ndi kulemba maminitsi m'buku la gulu. Yachiwiri ndi kufotokozera mamembala amene sadabwere, ena chifukwa cha maliro, ena matenda, ena mtsinje udadzaza. Alembi ambiri amaganiza kuti akajambula masamba a maminitsi n'kuwaponya pa WhatsApp ndiye kuti zonse ziwiri zatheka. Pakapita sabata, membala akubwera kudzafunsa tsiku lobweretsa matumba, chonsecho tsikulo lili patsamba lachitatu la zomwe adamutumizira.

Vuto si ulesi wa owerenga. Maminitsi amalembedwa kuti akhale mboni. Amatsatira ndondomeko ya msonkhano momwe udayendera: pemphero, mayina a opezekapo ndi opepesa, kuvomereza maminitsi a msonkhano wapitawo, zotuluka m'maminitsiwo, malipoti, nkhani zatsopano, kenako zina ndi zina. Buku lotchuka la malamulo a misonkhano, Robert's Rules of Order, lomwe Henry Martyn Robert adalitulutsa koyamba ku America mu 1876, limaphunzitsa kuti maminitsi azisunga zomwe msonkhano wachita, asadzadze ndi zomwe anthu ayankhula. Zimenezi n'zabwino tsiku lomwe pabuka mkangano ndipo pakufunika umboni. Koma munthu amene sadalipo ali ndi mafunso ake: mwagwirizana chiyani, ine ndichite chiyani, pofika liti, ndipo zindidyera ndalama zingati? Mayankho ake amakhala atamwazikana m'maminitsi monse, ndipo nthawi zina lalikulu kwambiri limabisala kumapeto, pansi pa zina ndi zina.

Tiyerekeze kopaletivi ya alimi a soya ya mamembala 60. Loweruka pa 14 Juni adakumana, ndipo adafika anthu 38. Maminitsi adatuluka masamba anayi. Anthu 22 sadamve chilichonse, ndipo soya wawo ali m'nyumba.

Mlembi asanalembe liwu ndi limodzi lomwe, awerenge maminitsiwo ali ndi cholembera m'manja, n'kumaika chizindikiro pa nkhani iliyonse. Chomwe akufufuza n'chimodzi: nkhaniyi idathera pati? Ina idavomerezedwa. Ina idakanidwa. Ina idaimitsidwa kuti idzakambidwe tsiku lina. Ina idangotchulidwa, anthu n'kugwedeza mitu, osamanga mfundo. Apa ndi pomwe chidule chimakhalira kapena kufera, chifukwa pofupikitsa, mawu anayiwa amakonda kusanduka amodzi oti "tagwirizana".

M'maminitsi a kopaletivi yathu, pansi pa zina ndi zina, palembedwa kuti membala wina adapereka ganizo lokweza ndalama ya umembala ya pachaka kuchoka pa K5,000 kufika pa K8,000, wina adalivomereza kuti likambidwe, ndipo wapampando adati nkhaniyi ibwere pa msonkhano wa pa 12 Julaye. Mlembi wothamanga alemba kuti "Umembala wakwera kufika pa K8,000." Chiganizo chachifupi, chomveka bwino, koma chabodza. Ena alipira K8,000 yomwe palibe adailamula. Ena akwiya kuti zinthu zazikulu zikumangidwa iwo kulibe. Choopsa kwambiri n'chakuti ambiri sadzabwera pa 12 Julaye poganiza kuti nkhaniyo idatha kale, pomwe ndi tsiku lomwe mawu awo akufunika. Cholondola ndi kulemba kuti pali ganizo lotere, silidavomerezedwe, ndipo lidzavoteredwa pa tsiku lakutilakuti.

Akatha kusankhula chonchi, mlembi aiwale ndondomeko ya msonkhano. Pamwamba aike chomwe chikufuna kuti membala anyamuke achitepo kanthu, ndipo mwa zimenezo ayambe ndi chomwe tsiku lake layandikira. M'chitsanzo chathu, nkhani yachisanu ndi chimodzi pa msonkhano ndiyo ikhale yoyamba m'chidule: msonkhano udavomereza, anthu 29 kwa 9, kuti soya agulitsidwe pamodzi, membala aliyense afikitse matumba ake a makilogalamu 50 kunyumba yosungiramo katundu pofika Loweruka pa 28 Juni, ndipo pa thumba lililonse padzadulidwa K500 ya kasungidwe. Pemphero, mawu otsegulira a wapampando ndi mndandanda wa mayina 38 zitsale m'buku.

Manambala ndi masiku sasinthidwa ngakhale pang'ono. K500 isasanduke "kangachepe", ndipo pa 28 Juni pasasanduke "kumapeto kwa mwezi". Mawu ngati "mawa" kapena "sabata yamawa" ndi msampha, chifukwa uthenga wotumizidwa Lolemba wina amauwerenga Lachinayi atapeza pochajira foni, wina amaumva Lamulungu kutchalitchi kuchokera kwa mnansi. Lembani dzina la tsiku ndi deti limodzi. Chimodzi chikalakwika, owerenga azindikira n'kufunsa. Ndi bwinonso kumuwerengera munthu kamodzi: wa matumba 12 adzadulidwa K6,000. Anthu ena akamva K500 amaganiza kuti ndi ya munthu aliyense, osati ya thumba lililonse, ndipo mkangano wake umadzabuka tsiku logawana ndalama.

Pali malo ena pomwe chidule chiyenera kutalika kuposa maminitsi, ndipo ambiri sayembekezera zimenezi. Pansi pa zotuluka m'maminitsi apitawo pangalembedwe mzere umodzi wokha: "Nkhani ya sikelo: msungichuma adafotokoza kuti zatheka." Amene adalipo amva. Amene sadalipo, makamaka ngati adajombanso mwezi wathawo, sadziwa kuti sikelo idatani. Mlembi abwerere ku maminitsi akale, apeze chiyambi chake, n'kulemba ziganizo ziwiri: sikelo ya gulu yomwe mamembala adaidandaula kuti ikubera yakonzedwa, ndipo ndiyo idzagwiritsidwe ntchito polandira soya. Chimodzimodzi ndi chifukwa cha mfundo yaikulu. Maminitsi angangonena kuti K500 idavomerezedwa, koma munthu amene sadamve zokambirana amafuna kudziwa kuti ndalamayo ikupita kuti. Ngati pa msonkhano padanenedwa kuti ndi ya mlonda ndi lendi ya nyumba, chiganizo chimodzi chimenecho chilowe. Ngati sipadanenedwe, mlembi asapeke chifukwa chake.

Tsono pali zomwe zili m'maminitsi koma siziyenera kutuluka. Buku la maminitsi limakhala kwa mlembi, pomwe uthenga wa pafoni umayenda pawokha, ndipo pofika madzulo uli kwa anthu omwe si mamembala. Lipoti la msungichuma lidatchula mayina a anthu anayi omwe sadabweze ngongole ya mbewu. M'chidule mukwanira kunena kuti mamembala anayi akadali ndi ngongole ndipo komiti iwafikira aliyense payekha. Kumwaza mayina awo ndi kuwachititsa manyazi pamudzi, ndipo munthu wochititsidwa manyazi kawirikawiri amangosiya gulu, ngongole osabweza. Msonkhano udagwirizananso mtengo wotsikitsitsa womwe komiti ya anthu atatu isapitirire pokambirana ndi ogula. Nambala imeneyo ikafika m'manja mwa wogula, ayambira pomwepo ndipo sakweranso. Choncho chidule chinene kuti mtengowo udamangidwa, ndipo membala wofuna kuudziwa afunse kwa wapampando pamaso.

Nanga za amene adatsutsa? Ine ndimaona kuti mavoti alembedwe momwe adalili, 29 kwa 9, ndipo ngati otsutsawo adali ndi chifukwa chomveka, chitchulidwe mwachidule popanda mayina. Kulemba kuti "tonse tidagwirizana" pomwe anthu asanu ndi anayi adakana ndi kunamiza gulu, ndipo anthuwo akawerenga sadzakhulupiriranso cholemba chilichonse cha mlembi. Koma chidule sichikhalanso bwalo lachiwiri lozengerapo nkhani. Mlembi amene iye mwini adavotera kukana amayesedwa kwambiri pano: mawu ang'onoang'ono ngati "mwatsoka" kapena "ngakhale ambiri adadandaula" amaonetsa mbali yomwe ali.

Zonsezi zikaikidwa pamodzi, masamba anayi aja amatsala chonchi:

"Mamembala nonse, nazi zomwe zidamangidwa pa msonkhano wa Loweruka pa 14 Juni, pomwe padafika anthu 38 mwa 60. Soya tigulitsa pamodzi (ovomera 29, okana 9, okanawo amaopa kuti ndalama zichedwa). Fikitsani matumba anu a makilogalamu 50 kunyumba yosungiramo katundu pofika Loweruka pa 28 Juni. Pa thumba lililonse padzadulidwa K500 ya mlonda ndi lendi. Wa matumba 12 ndi K6,000. Sikelo ija yakonzedwa. Komiti ya anthu atatu ikukambirana ndi ogula. Za mtengo funsani wapampando. Mamembala anayi a ngongole ya mbewu komiti iwafikira. Ganizo lokweza umembala kuchoka pa K5,000 kufika pa K8,000 silidavomerezedwe. Tidzavota Loweruka pa 12 Julaye, musalephere. Ichi ndi chidule chabe. Maminitsi ali kwa mlembi ndipo adzavomerezedwa pa msonkhano umenewo."

Ziganizo ziwiri zomalizazo zisachotsedwe pofuna kufupikitsa. Maminitsi sakhala umboni wa gulu mpaka msonkhano wotsatira utawamva, kuwakonza ndi kuwavomereza, wapampando n'kusainira. Chidule chimatuluka zimenezi zisanachitike, ndiye chiyenera kudzinenera chokha kuti si ndicho buku. Pachifukwa chomwechi, wapampando achiwerenge chisanatumizidwe. Chitulukenso msanga, mkati mwa masiku awiri kapena atatu, mphekesera zisanafike poyamba. Anthu 38 aja akubwerera kwawo aliyense akufotokoza momwe adamvera.

Njira yotumizira isankhidwe poyang'ana mamembala enieniwo. Uthenga umodzi wamba wa pafoni umalola zilembo 160 zokha, zomwe zikwanira tsiku la matumba ndi K500, zotsalazo munthu n'kukamva kwa mtsogoleri wa kalabu yake. Kwa amene savutika kumva koma amavutika kuwerenga, uthenga wa mawu umathandiza, bola mlembi aziwerenga zomwe walemba, asamayankhule za m'mutu, ndipo masiku ndi ndalama azitchule kawiri. Ngati maminitsi adalembedwa m'Chingerezi chifukwa amapita ku maofesi, chidule chilembedwe m'chiyankhulo chomwe msonkhano udachitikira.

Kuti mudziwe ngati chidule chagwira, chiwerengereni munthu mmodzi amene sadalipo, kamodzi kokha, kenako mumufunse: muchita chiyani, pofika liti, mulipira zingati, ndipo ndi nkhani iti yomwe sidathe? Akayankha kuti umembala tsopano ndi K8,000, kapena akafunsa ngati K500 ija ndi ya munthu kapena ya thumba, musamufotokozere pakamwa n'kutumiza uthengawo momwemo. Bwererani pa chiganizo chomwe chamusocheretsa, muchilembenso, mukachiyese pa munthu wina.