Mzere umodzi wokukumbutsani kumwa mankhwala

Mankhwala a kuthamanga kwa magazi amafunika kumwa pa nthawi yake, koma hafu pasiti seveni madzulo imapeza munthu ali pamoto kapena ali m'minibasi. Amene ali ndi kompyuta yoyendera Linux akhoza kulemba kapulogalamu kotumiza imelo yoti "imwani mankhwala". Vuto ndi lakuti kapulogalamuko sikadziwa nthawi. Pamafunika wokadzutsa, ndipo ntchito imeneyi ndi ya cron, pulogalamu yomwe inayambira pa makompyuta a Unix m'zaka za m'ma 1970. Mtundu umene Paul Vixie anatulutsa mu 1987 ndi umene unafala kwambiri.

Mphindi iliyonse cron imayang'ana m'ndandanda wa ntchito zomwe mwaipatsa n'kuona ngati pali mzere wogwirizana ndi nthawi imene wotchi ya kompyuta ikunena. Ukapezeka, imayendetsa lamulo lolembedwa pamzerepo. Ndandandawo mumautsegula polemba `crontab -e`, ndipo mzere wathu wa mankhwala ndi uwu:

```
30 19 * * * /home/ine/kumbutsa.sh
```

Lisanafike dzina la kapulogalamu pali malo asanu olekanitsidwa ndi mipata. Oyamba ndi a mphindi, kuyambira 0 mpaka 59. Achiwiri ndi a ola, kuyambira 0 mpaka 23, n'chifukwa chake seveni koloko yamadzulo talemba 19. Mukalemba 7 uthenga ubwera m'mawa. Otsalawo ndi a deti, mwezi ndi tsiku la pa sabata. Kanyenyezi kamatanthauza kuti chilichonse chikuloledwa pamalopo. Choncho mzerewu ukunena kuti: pa mphindi 30 ya ola la 19, deti lililonse, mwezi uliwonse, kaya ndi Lolemba kaya Lamulungu.

Taonani kuti mphindi ndi zimene zikuyamba, pamene polankhula ndi polemba nthawi timayamba ndi ola. Mukatembenuza n'kulemba `19 30`, `crontab` ikana kusunga mzerewo chifukwa kulibe ola la 30, ndipo pamenepo mwapulumuka. Koma amene akufuna 8:15 m'mawa akalemba `8 15` sachenjezedwa konse, popeza manambala onsewo ndi ololedwa. Uthenga wake udzabwera 3:08 masana.

Cholakwa chopweteka mutu kuposa zonse ndi kusiya kanyenyezi pamalo a mphindi. Munthu amalemba `* 19 * * *` poganiza kuti wanena seveni koloko. Kwa cron, wanena mphindi iliyonse ya ola limenelo, ndipo foni ilira ka 60 kuchokera 19:00 mpaka 19:59. Seveni koloko yeniyeni ndi `0 19 * * *`.

Ngati chikumbutso chili cha masiku a ntchito okha, pamalo achisanu lembani `1-5`, kutanthauza Lolemba mpaka Lachisanu. Lamulungu ndi 0. Pa za mankhwala siyani kanyenyezi, matenda sapita kuholide.

Nanga mzere ukakhala wolondola koma uthenga osabwera? Yambani ndi wotchi. Anthu ambiri amaika tinthu totere pa seva yobwereka ya kunja, ndipo maseva ambiri amayendera nthawi ya UTC. Malawi ndi Zambia zili patsogolo pa UTC ndi maola awiri chaka chonse, kotero mzere wathu uja udzakukumbutsani 9:30 usiku. Lembani `date` pa sevayo. Ikaonetsa UTC, sinthani ola likhale 17.

Chachiwiri, cron siidziwa malo onse amene inu mumapezako mapulogalamu mukamalemba malamulo ndi manja. Kawirikawiri imangofufuza mu `/usr/bin` ndi `/bin`. N'chifukwa chake kapulogalamu koyenda bwinobwino mukakayesa nokha kamatha kukanika usiku mwakachetechete. Lembani njira yonse ya fayilo iliyonse, monga tachitira pamwambapa, kaloleni kuyenda ndi `chmod +x`, ndipo uzani cron kuti izisunga madandaulo onse penapake:

```
30 19 * * * /home/ine/kumbutsa.sh >> /home/ine/zolemba.txt 2>&1
```

Zikavuta, chifukwa chake mukachipeza mu `zolemba.txt`.

Pali malire amodzi amene palibe mzere ungawachotse. Kompyuta ikakhala yozimitsa pa 19:30, kaya mwaitseka nokha kaya magetsi athima, cron siibwerera m'mbuyo kukagwira ntchito imene yaiphonya. Tsiku limenelo lapita. Pali pulogalamu ina, anacron, imene imagwira ntchito zotsalira makina akayaka, koma imawerenga masiku, osati maola, ndiye pa mankhwala siithandiza kwenikweni. Laputopu yotsekedwa madzulo aliwonse si malo oikapo chikumbutso chotere; chimafuna makina osazima.

Musadikire madzulo kuti muone ngati zatheka. Ikani kaye nthawi ya mphindi ziwiri kutsogolo kwa pamene wotchi ili, dikirani uthenga ufike, kenako bwezerani `30 19` ndipo mutsimikize ndi `crontab -l` kuti mzerewo wasungika.